Wogwira ntchito mu ofesi ayambe bwanji kuthamanga?

Kalata ya lero yachokera ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Bambo amene atilemberawa akuti amakhala pampando mu ofesi tsiku lonse. Loweruka lapitali anayesa kuthamanga, koma mphindi zitatu zisanathe mpweya unawathera, ndipo miyendo inawawa mpaka Lachiwiri. Akufunsa kuti ayambire pati.

Bambo a ku Chilomoni, munangoyamba ndi liwiro lalikulu basi.

Pali ndondomeko ya masabata 9 imene Josh Clark anakonza mu 1996, ndipo a zaumoyo ku Britain amaigwiritsa ntchito pothandiza ongoyamba kumene. Sabata yoyamba munthu amayenda ndawala mphindi 5 kuti thupi litenthe. Kenako amathamanga pang'onopang'ono mphindi imodzi, n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, ndipo amasinthasintha chomwecho mpaka mphindi 20 zikwane. Amatero katatu pasabata, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu akaweruka kuntchito. Masiku apakatiwo ndi opuma, chifukwa mafupa ndi mawondo amachedwa kuzolowera kusiyana ndi mtima.

Sabata yachiwiri amathamanga mphindi imodzi ndi theka, n'kuyenda ziwiri. Pofika sabata ya 9 amathamanga mphindi 30 osaima.

Omvera nonse, liwiro loyenera limadziwika chonchi: wothamanga azitha kuyankha moni osabanika. Sabata ikamulemera, aibwereze. Koma akamva kuwawa pachifuwa kapena chizungulire, aime pomwepo n'kupita kuchipatala. Odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi afunse kaye adokotala asanayambe.