Ndani Ayambe Kudutsa pa Mphambano?

Pa tchuthi chapitachi achimwene anga anali kukonzekera mayeso a laisensi ya galimoto, ndipo madzulo ena anandionetsa chithunzi cha m'kabuku kawo, nati ndiyankhe. Ine ndinayankha msangamsanga monga munthu wa Folomu 3, koma ndinalakwa, ndipo anandiseka kwambiri. Tsono ndachikonzanso chithunzicho kuti chifanane ndi malo amene tonse tiwadziwa.

Tiyerekeze kuti mwachoka pa boma la Mzimba ndi galimoto, ndipo mwafika pamene msewu wathu ukumana ndi msewu waukulu wa M1. Ku dzanja lamanzere ndi ku Chikangawa ndi Mzuzu, ku dzanja lamanja ndi ku Jenda ndi Kasungu. Patsogolo panu tiikepo chikwangwani cha ngodya zitatu, choyera pakati, chofiira m'mbali, nsonga yake yoloza pansi. Inu mufuna kukhotera ku Jenda. Lole ya matabwa ili kubwera kuchokera kumanzere, ndipo minibasi ili kubwera kuchokera kumanja. Funso ndi ili: kodi muyembekeze yani?

Ine ndinati, "Minibasi yokha, pakuti lamulo liti tipatse njira wochokera kumanja." Lamulo limenelo lilipodi, koma malo ake ndi pa raundabauti, monga za ku Mzuzu ndi Lilongwe. Kulakwa kwanga kunali kwakuti ndinatola lamulo m'mutu ndisanayang'ane chikwangwani.

Choyamba tione maonekedwe ake. Chikwangwani cha ngodya zitatu chikaloza kumwamba, ntchito yake ndi kuchenjeza chabe, kuti kutsogolo kuli mphambano, kapena phiri, kapena ng'ombe zodutsa. Koma chikazondoka, nsonga n'kuloza pansi, chimenecho si chenjezo ai. Ndi lamulo lakuti mupatse njira onse a mu msewu umene mufuna kulowamo. Sichisankha dzanja.

Chachiwiri, dzipezeni nokha m'chithunzimo, ndipo lembani ndi pensulo njira imene mudzatsata. M'Malawi muno galimoto ziyenda kumanzere kwa msewu. Motero minibasi yochokera ku Jenda ili mbali yoyandikana ndi inu, ndipo lole yochokera ku Chikangawa ili mbali ya kutsidya. Pokhotera kumanja mudzadula njira ya minibasi, kenaka mudzalowa m'njira ya lole, patsogolo pake penipeni. Yankho tsono ndi lakuti muyembekeze zonse ziwiri. Makamaka lole ija muiope, chifukwa galimoto yolemedwa ndi katundu siima pafupi ngakhale dalaivala aponde buleki ndi mphamvu zake zonse.

Mukadafuna kukhotera ku Mzuzu mukadalowa m'mbali yapafupi, ndipo wofunika kumuyembekeza akadakhala wa minibasi. Komabe muyang'anenso kumanzere, pakuti mwina wina ali kupitirira lole ija, ndipo wadzera mbali yanuyo.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha. Tichotse chikwangwani chija, tiikepo chofiira cha mbali 8 cholembedwa STOP, ndipo tichotsenso lole ndi minibasi, msewu ukhale mbee. Kodi muchite chiyani? Anzanga ambiri m'chipinda chathu chogona anati angochepetsa liwiro ndi kupita, poti kulibe kanthu. Pa chikwangwani choyamba chija akadakhoza, chifukwa icho chilola kupitirira ngati mwaona bwino kuti msewu uli poyera. Koma pa STOP mateyala onse ayenera kuima nji, musanadutse mzere woyera, kaya kuli galimoto kaya kulibe. Mukatero muyang'ane uku ndi uku, ndi kunyamuka.

Zikwangwani ziwirizi anazipatsa maonekedwe awoawo mwadala. Ngakhale utoto utasuluka ndi dzuwa, kapena fumbi litaphimba malemba, kapena muli m'nkhungu ya pa Viphya, mungathe kuzizindikira ndi mphepete mwake mokha. Ndiponso dalaivala wa mu msewu waukulu, poona kumbuyo kwa chikwangwanicho, adziwa kuti mnzakeyo ndiye woyenera kuyembekeza.

Funso lotsiriza ndi limene achimwene anandikolanso nalo. Chithunzi ndi chomwe chija cha STOP, koma pakati pa mphambano paima wapolisi wa pamsewu. Wakweza dzanja kuimitsa minibasi ndi lole, ndipo inu akukukodolani kuti mubwere. Ine ndinatsutsa kuti chikwangwani chili chiimire, tsono lamulo lake likhala bwanji? Iwo anati wapolisi akamaongolera galimoto, dzanja lake liposa chikwangwani, liposanso magetsi a pamsewu. Mupite monga wakuuzani, koma pang'onopang'ono, maso ali pa lole ija kufikira mutaona kuti yaimadi.