PHUNZIRO 14: MNZANGA WA PANTCHITO AKUBA, NDICHITE CHIANI?

Kuwerenga: Deuteronomo 25:13-16, Mateyu 18:15-17
Mau oloweza: Miyambo 11:1
Cholinga: Kuti mphunzitsi adziwe kayankhidwe ka funso lovuta la makhalidwe, ndi kuti ophunzira adziwe njira yoitsata akaona chinyengo.

KWA MPHUNZITSI

Phunziro ili nla kalasi la anyamata ndi asungwana okulirapo. Ambiri a iwo ayamba kale kugwira maganyu m'masitolo, m'zigayo ndi pogula mbewu. Akabwera ndi funso, musafulumire kunena kuti, “Kuba ndi tchimo.” Zimenezo akuzidziwa. Chimene sakudziwa ndi chakuti achite chiani Lolemba m'mawa. Muyankhe pofunsa mafunso anai ali m'munsiwa, limodzilimodzi.

FANIZO

Mnyamata wina walembedwa ntchito yolemba malisiti pamalo ogulira mtedza. Mnzake wamkulu, amene anampezera ntchitoyo, ndiye ayeza matumba pa sikelo yopachika. Mnyamatayo waona kuti sikelo ikakhala yopanda kanthu, muvi wake suima pa 0, koma ubwerera m'mbuyo makilogalamu 2. Motero thumba la makilogalamu 50 lilembedwa 48. Pa tsiku agula matumba 40, ndiye kuti alimi ataya makilogalamu 80. Madzulo ena mnzakeyo akuti, “Lemba lisiti la makilogalamu 80 m'dzina la mlamu wanga, tigawana. Onse amatero.” Kodi mnyamatayo achite chiani?

Lembani masamuwa pa bolodi. Ophunzira aone ndi maso kuti “pang'ono pokha” pa thumba limodzi pasanduka thumba lathunthu ndi makilogalamu 30 dzuwa lisanalowe.

1. WAONA CHIANI NDI MASO AKO?

Phunzitsani ana kusiyanitsa chimene aona, chimene amva ndi chimene angoganiza. Kuti muvi uli m'mbuyo, mnyamatayo waona. Koma kuti mnzake anaubweza dala, poyamba anangoganiza, pakuti sikelo imathanso kuonongeka. Njira yodziwira ndi yapafupi: apachike mapaketi 5 a shuga a kilogalamu imodzi lililonse. Sikelo ikaonetsa 3, ndi yolakwa. Afunsenso ngati mwini malonda analamula kuchotsera kulemera kwa thumba. Thumba lopanda kanthu silifika makilogalamu 2, ndipo kuchotsera koona kumanenedwa poyera, mlimi alikumva.

Pa fanizo lathu chikaiko chinatha pamene mnzakeyo anapempha lisiti labodza. Koma pa milandu yambiri sichitha msanga chotere. Deuteronomo 19:15 aletsa kutsutsa munthu pa mboni imodzi, ndipo Katekisma wa Heidelberg, wa chaka cha 1563, pa funso 112 aphunzitsa kuti tisaweruze munthu tisanamumve. Wonamizira mnzake wachimwa monga wakubayo.

2. AKUVUTIKA NDANI?

Mwana akafunsa funso lotere, kawirikawiri aona anthu awiri okha: iye ndi mnzake. Muonetseni wachitatu, amene palibe pomwe alikukambirana: mai amene analima mtedzawo, nausenza kuchokera kutali. Palinso mwini malonda, amene akulipira lisiti labodza ndi kuipitsidwa mbiri. Chifundo chochitira wakuba nchoyenera, koma chisalipidwe ndi mlimi. Katekisma yemweyo pa funso 110 awerenga miyeso yonyenga pamodzi ndi kuba.

3. MBALI YAKO NDI ITI?

Apa pali zinthu ziwiri, ndipo musazisakanize. Choyamba ndi kukana kuchita nao choipa. Ichi sichilira umboni, chilolezo kapena tsiku lina. Cholembera chili m'dzanja la mnyamatayo, ndipo asalembe. Muphunzitseni mau ochepa, aulemu, osanyoza: “Achimwene, ine sindilemba kilogalamu imene sindinaione pa sikelo.” Asanene kuti, “Lero lokha ai,” chifukwa mawa adzafunsidwanso. Asalandirenso kanthu, ngakhale ndalama ya chakudya cha masana, pakuti wodyako pakamwa pake patsekeka.

Chachiwiri ndi kuletsa choipa cha mnzake. Ichi ndicho chifuna nzeru ndi dongosolo.

4. UYAMBIRA PATI?

Mateyu 18 atipatsa masitepe atatu. Ambuye ananena za mbale mu mpingo, koma dongosolo lake litithandiza ndi pantchito pomwe.

(a) Alankhule naye pa awiri, osati pamaso pa alimi. Anene chimene waona, osati dzina loipa: “Muvi uli m'mbuyo makilogalamu 2, tiukonze tisanayambe kugula.” Amuuzenso poyera kuti zikapitirira adzadziwitsa mwini malonda. Kumeneku si kuopseza, koma kumpatsa mpata wolapa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

(b) Akapanda kusintha, atenge munthu mmodzi kapena awiri odalirika, ayese sikelo pamodzi. Alembe tsiku, matumba ndi makilogalamu. Mau okha amakanidwa, koma zolembedwa zimaima.

(c) Pomaliza anene kwa amene ali ndi mphamvu yokonza, ndiye kapitao kapena mwini malonda. Ngati mwiniyo ndiye walamula chinyengocho, nkhani ipite kunja: oyesa masikelo a malonda m'dziko muno ndi a Malawi Bureau of Standards. Kuuza anzake pamsika si sitepe ai. Ndi miseche, ndipo sikubwezera mlimi kilogalamu ndi imodzi yomwe.

MALIRE AKE

Sitepe yoyamba siili ya nthawi zonse. Ngati mnzakeyo ndi waukali ndipo angampweteke, mnyamatayo asapite yekha. Ngati nkhani ili yokhudza mwana amene akuchitidwa nkhanza kapena chiwerewere, palibe za kukambirana pa awiri. Inenedwe tsiku lomwelo kwa akulu odalirika ndi kupolisi. Ndipo inu mphunzitsi musalonjeze mwana kuti musunga chinsinsi musanamve nkhani yake.

ZIMENE OPHUNZIRA ADZANENA

“Koma ndiye anandipezera ntchito.” Zoona, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma kuyamika sikutanthauza kuthandiza munthu kudzimangira mlandu. Agalatiya 6:1 atiuza kubweza wolakwa ndi mtima wofatsa. Kufatsa kulipo, kubweza kuliponso.

“Nanga akandichotsa ntchito?” Musamnamize kuti sizingachitike. Yosefe anakana choipa, nalowa m'ndende (Genesis 39). Koma mumuonetsenso mbali inayo: tsiku limene chinyengo chidzaululike, dzanja lolembedwa pa lisiti lidzakhala lake, osati la woyeza. Ndipo ngati mwana wa mpingo ataya ntchito chifukwa cha choonadi, mudziwitse akulu a mpingo kuti amthandize. Tisamtume ku nkhondo ife titakhala pansi.

“Nanga ngati ndinalemba kale kamodzi?” Aleke lero, aulule mbali yake asanaulule ya mnzake, ndipo abweze chimene anadya, monga Zakeyu pa Luka 19:8.

MAFUNSO

1. Kodi mnyamatayo anaona chiani, ndipo anangoganiza chiani?
2. Chifukwa ninji kukana kulemba lisiti sikudikira mboni?
3. Tchulani nthawi ziwiri pamene sitiyamba ndi kulankhula pa awiri.
4. Sinthani fanizo: mphunzitsi wamkulu akuuza mphunzitsi wamng'ono kuti aonjezere malikisi a mwana wa mbale wake. Yankhani ndi mafunso anai omwewa.

PEMPHERO

Pemphererani ophunzira amene ali pa ntchito, kuti Mulungu awapatse kulimba mtima pokana, chifatso podzudzula, ndi lilime losanamizira munthu. Pemphereraninso alimi amene akugulitsa mbewu zao.