Kalata ya ku Mchinji: Galimoto Ikulira M'mawa

Womvera wina wa ku Mchinji walemba kuti Toyota Corolla yake ya injini ya 5A-FE imalira kuti tswii akailiza m'mawa, kenako kutsogolo kwa injini kumamveka gwedegwede. Akufunsa ngati vuto ndi lamba wa taimingi.

Bambo ameneyu asiyanitse maphokoso awiriwa. Kulira kwa tswii nthawi zambiri kumachokera ku lamba wakunja woyendetsa alitaneta, amene amaterereka akakhwepa. Lamba wa taimingi ali ndi mano, ndipo kawirikawiri amaduka osachenjeza. Chodetsa nkhawa ndi gwedegwedeyo. Tenshonala, kagudumu kokungitsa lambayo, ili ndi bering'i mkati. Girisi akauma bering'iyo imakhukhuluza, lamba amakhwepa n'kumamenya chivundikiro chake, ndipo tsiku lina amadumpha mano.

Makaniko avule chivundikirocho aone ngati lamba ali ndi ming'alu, mano othothoka kapena oyilo. Akachotsa lamba azunguze kagudumuko ndi chala. Kakamakhakhala kapena kugwedera, katha.

Mwayi wa mwini Corolla ndi woti pa 5A-FE lamba akaduka injini imangozima, mavavu osapindika. Pa Hilux ya dizilo ya 2KD sizitero ayi: mapisitoni amamenya mavavu, ndipo kukonza kumafuna kutsitsa hedi yonse, ndalama zoposa lamba kangapo.

Bambo a ku Mchinji, lambayu amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000. Musinthiretu pamodzi ndi tenshonala musanayende ulendo wautali.