Muli nokha pamsika? Musanakweze mtengo, werengerani izi

Ambiri akaona kuti palibe wina wogulitsa zomwe iwo akugulitsa, amathamangira kukweza mtengo. Musanatero, yambani mwadzifunsa kuti: munthu atabwera kudzapikisana nane, zinthu n'kumukanika, angataye ndalama zingati pochoka?

Nkhaniyi anaifotokoza bwino akatswiri a zachuma a ku America, William Baumol, John Panzar ndi Robert Willig, m'buku lawo la mu 1982. Mfundo yawo inali yakuti wofuna kulowa pamsika saopa kukula kwa mpamba. Chomwe amaopa ndi ndalama zolowa m'madzi, zomwe sangazibweze ngakhale atagulitsa katundu yense.

Tiyerekeze kuti minibasi yanu ndi yokhayo pamsewu wina, ndipo mtengo wa K3,000 umakwanira mafuta, dalaivala, kondakitala, matayala ndi kaphindu. Mwakweza kufika pa K4,000. Mnzanu ali ndi minibasi ya K30 miliyoni yomwe ikuyenda njira ina. Kuti asamukire kwanu sagula galimoto. Mwina angowononga K500,000 pa mapepala ndi maulendo oyamba oyenda ndi mipando yopanda anthu. Akamalipiritsa K3,500 n'kumanyamula anthu 60 patsiku, akupeza K30,000 yapamwamba tsiku lililonse, ndipo pakutha masiku 17 ndalama ija yabwerera. Mukadzatsitsa mtengo, iye angokhotetsa chiwongolero kubwerera komwe anachokera. Choncho ngakhale muli nokha, mtengo wanu akuulondera ndi munthu amene sanafike n'komwe.

Chigayo ndi nkhani ina. Pa K30 miliyoni yomweyo, mwina K12 miliyoni yapita pomanga nyumba, kuthira konkire yokhazikapo makina ndi kukokera magetsi. Makina angagulitsidwe, koma konkire sungaizule. Wofuna kutsegula chigayo chachiwiri amadziwa kuti akangotsegula, mwini chigayo choyamba atsitsa mtengo, awiriwo n'kumalimbirana matumba omwewo a chimanga. Ambiri amabwerera m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake mwini chigayo ali ndi mpata wokweza kuposa mwini minibasi.

Koma mfundoyi ili ndi malire. Imagwira bwino ngati wobwerayo angathe kulowa n'kubweza ndalama zake inu musanatsitse mtengo. Ngati mungatsitse m'mawa mwake, masiku 17 aja sawapeza. Ku America komweko, boma litamasula bizinesi ya ndege mu 1978, ambiri ankayembekezera kuti mitengo ikhala yotsika paliponse poti ndege ingasamutsidwe, koma njira zomwe kampani imodzi inagwira malo pabwalo la ndege zinakhalabe zodula.

Pamene muyenera kusamala kwambiri ndi pa makontrakiti. Ngati mumanyamula antchito a esiteti kapena ana asukulu pa mgwirizano wa chaka, mnzanu amasaina kaye asanasunthe galimoto, inu n'kumva zitatha. Nthawi yokonzanso mgwirizano ikayandikira, ikani mtengo ngati kuti ena atatu apereka kale makoteshoni awo.