Ziro ya Entiropi Ilipodi, ya Entalipi Njongogwirizana

Funso: Wophunzira kemisitiri wina akudandaula: "Aphunzitsi, m'buku mwathu okosijeni ali ndi entiropi ya 205 J/(mol·K), koma entalipi yake alemba ziro. Kodi bukuli lalakwitsa?"

Yankho: Bukulo silinalakwitse. Lamulo lachitatu la kayendedwe ka kutentha, lomwe Walther Nernst anayambitsa mu 1906, limati krisitalo yopanda chilema ikazizira kufika pa 0 K, entiropi yake imakhala ziro, chifukwa tizidutswa take timakhala ndi kakhalidwe kamodzi kokha. Poyambira pamenepo, akatswiri amatenthetsa chinthucho pang'onopang'ono, n'kumawonkhetsa q/T pa sitepe iliyonse, kuphatikizapo posungunuka ndi powira, mpaka pa 298 K. Entiropi ya madzi imafika pa 69.9 J/(mol·K).

Entalipi ilibe poyambira potere. Ngakhale pa 0 K chinthu chimakhalabe ndi mphamvu mkati, ndipo chipangizo choyezera chimangoona kusintha kwake. Choncho anangogwirizana kuti okosijeni ndi haidirojeni aziwerengedwa ziro. Nambala ya madzi, −285.8 kJ/mol, ndi kutentha kotuluka popanga madziwo.

Wophunzira akamawerengera ΔS, asaike ziro pa okosijeni. Akapeza entiropi ya mpweya uliwonse ili pansi pa ziro, apite nayo ntchitoyo kwa aphunzitsi.