Makalata a Omvera: Chidule cha Msonkhano wa pa Zoom

Womvera wina wa ku Duduza, kufupi ndi tauni ya Nigel ku Joni, yemwe ndi mlembi wa bungwe la Amalawi lothandizana pa maliro, wafunsa momwe angadziwitsire anzake a ku London zomwe zidakambidwa pa msonkhano wautali wa pa Zoom, umene udachitika iwo akadali kuntchito.

Chidule, kutanthauza mfundo zikuluzikulu zokha, sichitsata ndondomeko ya amene adayamba kuyankhula, koma chimayamba ndi zomwe zidagwirizanidwa, monga ndalama zoti aliyense asonkhe kuti thupi lipite kumudzi, kenako dzina la wotolera ndalamazo ndi tsiku lomaliza. Nkhani imene anthu adasiyana maganizo ilembedwe payokha, kuti amene kunalibe asayese kuti idatha kale.

Pamene alembi ambiri amapunthwa ndi pa nthawi. Duduza ndi Lilongwe amayendera nthawi imodzi, pomwe London imatsalira ndi maola awiri, kapena ola limodzi lokha kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira kumapeto kwa Okutobala, motero mawu akuti "mawa madzulo" amasokoneza wowawerenga kutacha. Mlembiyo alembe kuti Lachisanu, 18:00 nthawi ya ku Joni, ndipo atumize chidulecho pa WhatsApp tsiku lomwelo.