Feteleza wobereketsa sadikira ngayaye

Dzina lenilenilo ndi limene lidandipusitsa. Timati "wobereketsa", ndiye ine m'mutu mwanga ndinkangoti feteleza ameneyu ntchito yake imayamba chimanga chikatsala pang'ono kubereka. Ndidakulira kumudzi, khasu ndimalidziwa, koma zaka zambiri za mu ofesi ku Capital Hill zidandisiyira ulimi wapakamwa pokha.

Kuno ku Area 10 mapoloti ndi aakulu, ndipo kuseri kwa nyumba yathu kuli malo a mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi amene kale padali kapinga. Chaka china ndidati malowa alimidwe, ana adyeko mondokwa wa pakhomo, ufa nawo tisamangogula. Ntchitoyo adaigwira ndi madala ena a ku Mitundu amene akhala akutisamalira pabwalo kwa zaka zambiri. Adaunga mizere 26 yotalikirana masentimita 75, nabzala mbewu ya haibulidi, njere imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25, monga alangizi amaphunzitsira pa ulimi wa Sasakawa. Iwonso adapempha kamalo kuseri kwa nyumba yawo, nalimapo mizere inayi ya utali womwewo.

Mvula yobzalira idagwa bwino ndipo tidabzala pa 5 Disembala. Pofika pa 11 chimanga chidamera, mizere yonse ili biriwiri. Feteleza wokulitsa, uja wolembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn pathumba, tidathira sabata yomweyo. Madala aja adatola khala n'kulemba pakhoma la sitolo: 11. Ine ndidaseka, kuganiza kuti ndi zaukalamba.

Itangodutsa Khirisimasi adandipeza pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Bwana, yureya uja pofika tsiku la Nyuwere akhale atapezeka. Masiku akwana."

"Madala, chimanga chake chiti? Sichidafike n'komwe m'mawondo. Komanso ndalama yapita ku chikondwerero ndi fizi ya ana. Tidikire malipiro a Januwale."

"Chimanga sichidziwa tsiku la malipiro, bwana."

Adanena zomwezo basi, nabwerera kukapalira. Pa 1 Januwale, anzawo akusangalala, iwo adali chiweramire m'mizere yawo inayi ndi kamtengo kosongoka, kachitsekerero ka botolo ndi kajumbo ka yureya wa makilogalamu awiri amene adagula wopimitsa kumsika. Ine ndidawaonera pazenera, tiyi ali m'manja.

Zimene adali kuchita ndidazimvetsa mochedwa. Malangizo a zaulimi kuno kwathu amati feteleza wobereketsa athiridwe pakatha masiku 21 chimanga chitamera, ndipo ngati pali chovuta asapitirire masabata anayi. Kuwerenga kwake kumayamba tsiku lomera, osati lobzala, n'chifukwa chake pakhoma padalembedwa 11, osati 5. Kuyambira pa 11 Disembala, masiku 21 amakwana pa 1 Januwale, ndipo malire ake ndi pa 8 Januwale.

Chifukwa chake chili m'kati mwa phesi. Pa msinkhu umenewu chimanga chimakhala ndi masamba otambasuka asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kunja chimaoneka ngati kamwana. Koma m'masabata otsatirawo ndi pamene kachisononkho kamayamba kuumbika, kakadali kobisika, ndipo m'pamene zimakhazikika kuti kadzakhala ndi mizere ingati ya njere, kenako kutalika kwake. Ndi nthawi yomweyonso imene chimanga chimathamanga kukula ndipo chimafuna mchere wa nayitirojeni wambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Nayitirojeni wa mu feteleza wokulitsa ndi wochepa, magawo 23 pa 100 alionse, ndipo pofika sabata yachitatu wambiri amakhala atadyedwa kapena atatsika pansi ndi madzi a mvula. Yureya ali ndi magawo 46. Ayenera kukhala ali kale m'nthaka, atasungunuka, pamene njalayo ikuyamba. Kubereketsa kwake kumachitika kalekale, ngayaye zisanaganize n'komwe zotuluka.

Ine ndinkadikira mawondo, ndipo pamenepo ndi pamene pali msampha wina. Chimanga chodya bwino chimafika m'mawondo pa nthawi yake, koma chanjala chimapinimbira. Ukamadikira kuti chitalike kaye, ndiye kuti ukuyembekezera chinthu chimene njala yomweyo ikuchichedwetsa. Bondo la munthu ndi lothandiza kwa amene waiwala tsiku, koma kalendala siinama.

Pakati pa Januwale munda wanga udayamba kuyankhula. Ubiriwiri uja udasuluka, ndipo masamba am'munsi adayamba chikasu kuchokera kunsonga, chikuyenda motsata mtsempha wapakati, m'mbali mukadali mobiriwira, mpaka tsamba lonse kuuma. Madala adathothola limodzi nandionetsa.

"Mwaona kumene chayambira? Pansi. Chikulanda chakudya kwa masamba akale kuti chidyetse atsopano. Chikasu chikayambira ku masamba a kumwamba ndiye nkhani ina, kawirikawiri amakhala salufa. Koma ichi ndi njala ya yureya."

Mapesi adali oonda ngati bango. Mamita ochepa okha kuchoka pamenepo, mizere yawo inayi idali yobiriwira modera, mapesi onenepa, masamba otakata. Mbewu ndi imodzi, tsiku lobzala limodzi, mvula imodzi.

Malipiro atabwera ndidatsikira ku Old Town n'kukagula thumba lonse la makilogalamu 50, mtima ukundiuza kuti ndibweza zonse zimene zidatayika. Apa ndidalakwanso kachiwiri. Loweruka pa 4 Febuluwale, masiku 55 chimerereni chimanga, madala ali kumaliro kwawo, ndidalowa m'munda ndekha ndi beseni. Mvula idali itadula kwa masiku angapo, dzuwa likuswa mtengo, nthaka ili gwa. Ndidamwaza yureya ndi dzanja pamwamba pa mizere, wina n'kumuunjika patsinde penipeni, osakwirira. Pofika madzulo theka la thumba lidatha.

Yureya akasiyidwa pamtunda pa nthaka yotentha, mame ndi kachinyontho kochepa zimamusungunula, ndipo gawo lina la nayitirojeni limasanduka mpweya n'kuuluka. Wina amene adagwera m'mitima ya chimanga adawaula masamba, ndipo patapita masiku atatu padaoneka zipsera zoyera ngati pathiridwa madzi otentha. Mvula itabweranso, ya mkokomo, wotsalayo wambiri adakokoloka kutsata ngalande. Chimanga chidabiriwirako pang'ono, inde, moti ndidayamba kudzitama. Patangopita sabata imodzi ngayaye zidatuluka pa mapesi ofupika, ndipo zisononkho zake zidali zazifupi, zambiri zopanda njere kunsonga.

Pokolola, mizere yanga 26 idatulutsa matumba awiri ndi theka. Mizere inayi ya madala idatsala pang'ono kudzaza thumba. Pa mzere uliwonse iwo adapeza zoposa kuwirikiza kawiri zanga, pomwe yureya amene adathira sadafike makilogalamu awiri.

Chimene chidandipweteka kwambiri ndi masamu amene ndidachita pambuyo pake. Pa hekitala imodzi ya chimanga cha haibulidi, muyezo wodziwika ndi matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi atatu a yureya. Pobzala 75 kwa 25, hekitala imakhala ndi mapando pafupifupi 53,000, ndiye makilogalamu 150 a yureya akagawidwa, phando lililonse limalandira pafupifupi magalamu atatu, amene ndi kachitsekerero ka botolo la zakumwa kodzaza bwino. Mzere wanga uliwonse udali ndi mapando 120, ndipo mizere 26 ndi mapando 3,120. Munda wonsewo unkafuna yureya wosapitirira makilogalamu 10. Ndalama ya makilogalamu 10 ndidali nayo pa Nyuwere. Ndidadikira mwezi wathunthu kuti ndigule thumba limene sindinkalifuna, n'kutaya makilogalamu 25 pa nthawi imene sakadathandiza.

Chaka chotsatira ndidakhala wophunzira. Yureya ndidagula limodzi ndi mbewu mu Novembala, n'kumusunga pouma, womanga bwino pakamwa. Tsiku lomera ndidalemba ndekha pakhoma lomwe lija. Masiku awiri tsiku la 21 lisanakwane tidapalira, pakuti kuthira feteleza m'munda wa tchire n'kunenepetsa udzu. Tsikulo titaona kuti nthaka ndi yonyowa, yoti ukaifumbata imagwirana koma osatuluka madzi, tidayamba. Madala ankatsogola ndi kamtengo, kuboola dzenje lakuya ngati chala chamkombaphala, pakatikati pa mapando awiri, ndipo ine ndinkatsira kachitsekerero kamodzi n'kukwirira ndi chidendene. Pakati pa mapando ndi pamene nsonga za mizu zafika, komanso ndi patali mokwanira kuti feteleza asaotche tsinde.

Ndidawafunsa kuti nanga tsikulo likakwana kuli ng'amba titani.

"Mumadikira mvula, bwana, koma feteleza ali m'nyumba, osati ali kusitolo. Ikangogwa usiku, m'mawa muli m'munda. Ndipo ikakhala yamvumbi, madzi ataima m'makwawa, mumadikiranso aphwe, chifukwa mukathira apita ndi madzi."

Adawonjeza kuti kwa amene wapeza feteleza wa CAN m'malo mwa yureya, nthawi ndi yomweyo koma muyezo umakwera, chifukwa nayitirojeni wake ndi pafupifupi magawo 27 okha. Pamene yureya alowa magalamu atatu, iye amafunika asanu. Ndipo amene wachedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri asataye mtima, athire ndithu, adzapulumutsako kanthu. Koma ngayaye zikayamba kusuzumira, ndi bwino kumanga thumbalo n'kulisungira chaka chamawa.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine kwawukwawu wanga ndidamuona m'nkhokwe. Inu amene mwabzala kuseri kwa nyumba chaka chino, kaya ndi ku Area 10, ku Area 25 kapena kumudzi, pitani mukaone tsiku limene chimanga chanu chidamera, muwerenge masiku 21, mulembe penapake pooneka. Yureya akhale ali m'nyumba tsikulo lisanafike.